Kulinganiza mtundu wa khungu mu Photoshop osafufuta timabowo take

Chithunzi chomwe tigwirepo ntchito ndi cha mkwatibwi, chojambulidwa pa chinkhoswe ku Kasungu mwezi wa Okutobala cha m'ma 2 koloko masana. Anaimikidwa pansi pa mtengo wa mango pothawa dzuwa, koma kuwala kodutsa m'masamba kwasiya mawanga pa tsaya lamanja. Pamphumi ndi pamphuno pakunyezimira thukuta. Paudala amene anampaka ndi woyererako kuposa khungu lake, ndiye m'munsi mwa maso mwatuwa pomwe chibwano ndi khosi zili ndi mtundu wake weniweni. Pachibwano pali tiziphuphu titatu. Chithunzicho n'cha mapikiseli 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, chajambulidwa kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, ndipo nkhope yokha yatenga mapikiseli pafupifupi 1800 kuchokera khutu lina kufika khutu linzake.

Ambiri akaona chithunzi chotere amathamangira kusalaza nkhope yonse, ndipo mkwatibwi amatuluka ngati chidole cha pulasitiki cha m'sitolo ya zovala. Vuto lake n'lakuti zinthu ziwiri zosiyana zakhala pamodzi m'chithunzi chimodzi. Mawanga a mthunzi, kutuwa kwa paudala ndi kusiyana kwa mtundu ndi zinthu zazikulu zomwe zimasintha pang'onopang'ono pankhope. Timabowo ta khungu, tiubweya ndi timizere ting'onoting'ono ndi zinthu zazing'ono zomwe zimasintha pa mapikiseli owerengeka. Njira yomwe ojambula amaitcha firikwensi sepaleshoni imaika zazikuluzo pa leya yawoyawo, zazing'onozo pa leya inanso, kuti mukamakonza mtundu musakhudze timabowo.

Musanagawe chilichonse

Yang'anani dzina la fayilo pamwamba pa chithunzi. Kumapeto kwake kwalembedwa RGB/8 kapena RGB/16, ndipo nambala imeneyi ndiyo idzakuuzeni zoti mulembe mu Apply Image. Zithunzi za JPEG zimatseguka pa 8. Ngati munajambula RAW, tsegulani pa 16, chifukwa khungu lakuda lili ndi mithunzi yambiri yoyandikana, ndipo pa 8 mithunziyo sichedwa kuyamba kuoneka ngati masitepe mukaisalaza kwambiri.

Kenako dinani Ctrl+1 kuti muone chithunzi pa 100%, n'kuyang'anitsitsa tsaya. Ngati timabowo sitikuoneka, palibe choti mupulumutse. Izi zimachitika kawirikawiri ndi chithunzi chomwe kasitomala watumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, poti pulogalamuyo imachichepetsa n'kuchifinya. M'pempheni atumizenso ngati Document, kapena abweretse fayilo yake pa fulashi.

Tiziphuphu titatu tija tichotseni tsopano, musanagawe. Pangani leya yopanda kanthu, tengani Spot Healing Brush, chongani Sample All Layers, ndipo burashi ikhale yokulirapo pang'ono kuposa kachiphuphu. Chifukwa chake n'chakuti chiphuphu chili ndi zonse ziwiri, mtundu wofiirira ndi m'mphepete mwakuthwa. Mukachisiya, chimagawika pakati, theka pa leya iyi theka pa inayo, n'kumachichotsa kawiri. Mukamaliza, dinani Ctrl+Alt+Shift+E kuti zonse zooneka zisonkhane pa leya imodzi yatsopano. Zipsera zakale ndi timadontho tobadwa nato musachotse popanda kufunsa mwini nkhope. Achibale ake amamudziwa nazo.

Kugawa chithunzi pawiri

Dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi makope awiri a leya yosonkhanitsa ija. Yam'munsi itchuleni Mtundu, yapamwamba itchuleni Timabowo. Zimitsani kadiso ka Timabowo, sankhani Mtundu, n'kupita ku Filter > Blur > Gaussian Blur.

Apa m'pamene ntchito yonse imakomera kapena kuonongekera, choncho musafulumire. Nambala ya Radius ndiyo malire. Chilichonse chomwe chafufutika pa nambala imeneyo chidzapita ku leya ya Timabowo ndipo chidzatetezeka. Chilichonse chomwe chikuonekabe chidzatsala pa Mtundu, ndipo mudzachisalaza. Palibe nambala imodzi yogwira chithunzi chilichonse, chifukwa Radius amawerenga mapikiseli, ndipo kabowo ka pa nkhope yodzaza chithunzi kamatenga mapikiseli ochuluka kuposa ka munthu woima patali.

Ikani kawindo koonetsera ka Gaussian Blur pa tsaya, pafupi ndi mphuno, pomwe timabowo timakhala takutakulu. Yambani pa 2 n'kumakweza pang'onopang'ono. Pa chithunzi chathuchi, pa 3 timabowo tafewa koma tikuonekabe ngati timadontho totuwa. Pa 5 tating'ono tapita, tatsala ta m'mbali mwa mphuno. Pa 7 tonse tapita, koma mawanga a mthunzi wa masamba ndi malire a paudala zikuoneka bwinobwino. Pa 14 mawangawo ayamba kusungunuka. Nambala yathu ndi 7: pomwe kabowo komaliza kazimiririka koma mawanga onse adakalipo.

Mukalekera pa 3, mbali ina ya timabowo imatsala pa Mtundu, ndipo mukamasalaza imafufutika. Khungu limatuluka ngati pulasitiki yowazidwa mchenga wosalala, popanda kuya kulikonse. Mukapitirira mpaka 14 kapena 20, mawanga amasamukira ku Timabowo. Mudzasalaza Mtundu mpaka dzanja kutopa, mawangawo ali pompo. Ngati mukukayika pakati pa nambala ziwiri zoyandikana, tengani yapamwambayo, popeza banga lotsala mukhoza kulikonza mwa njira ina, pomwe timabowo tofufutika sitibwerera. Pa munthu wojambulidwa thupi lonse ndi kamera yomweyi, nambala imatsikira cha pa 2 kapena 3, ndipo pa nkhope yodzaza chithunzi chonse ikhoza kufika 10 kapena 12.

Dinani OK. Yatsani kadiso ka Timabowo, sankhani leya imeneyo, n'kupita ku Image > Apply Image. Ngati chithunzi chanu chili pa 8, lembani izi:

```
Layer: Mtundu
Channel: RGB
Invert: osachonga
Blending: Subtract
Scale: 2
Offset: 128
```

Ngati chili pa 16, lembani izi:

```
Layer: Mtundu
Channel: RGB
Invert: chongani
Blending: Add
Scale: 2
Offset: 0
```

Opacity ikhale 100%. Chithunzi chisanduka chotuwa ngati phulusa, m'kati mwake mukuoneka timabowo, nsidze ndi m'mphepete mwa milomo mozilala. Sinthani kasakanizidwe ka leya ya Timabowo kuchoka pa Normal kupita pa Linear Light, ndipo chithunzi chibwerera monga chinalili.

Ndi bwino kudziwa chomwe manambalawa akuchita, kuti zikasokonekera mudziwe poyang'ana. Tiyerekeze pikiseli ya m'kati mwa kabowo inali ndi kuwala kwa 110, ndipo itasalazidwa pa Mtundu yakhala 120. Photoshop imachotsa 120 pa 110 n'kupeza -10, imagawa ndi 2 n'kupeza -5, kenako imaphatikiza 128 n'kulemba 123 pa leya ya Timabowo. Imvi ya 128 ndi yomwe Linear Light saiona. Ikapeza 123, imaona kuti yachepa ndi 5, imachulukitsa kawiri, n'kuchotsa 10 pa zomwe zili pansi pake: 120 imabwerera pa 110. Tsono mukasintha Mtundu kuchoka pa 120 kufika pa 130, kabowo kaja kamakhala 120. Kamakhalabe kodera kuposa khungu lozungulira ndi muyezo womwewo. N'chifukwa chake mtundu umasintha koma timabowo osasuntha.

Sankhani maleya awiriwo, dinani Ctrl+G kuti alowe m'gulu limodzi, kenako zimitsani ndi kuyatsa kadiso ka gululo kangapo. Pasaoneke kusintha kulikonse. Ngati chithunzi chikuoneka chosalala chopanda timabowo, ndiye kuti pa Layer munasiya Merged m'malo mosankha Mtundu, choncho Photoshop yachotsa chithunzi pa chithunzi chomwecho n'kutsala imvi yokhayokha. Ngati chafewa pang'ono, mwina mwasankha Overlay kapena Soft Light m'malo mwa Linear Light. Ngati chathwa mopitirira, Scale inali pa 1. Ngati chonse chada bii kapena chayera mbuu, yang'anani Offset ndi Invert, chifukwa mwasakaniza manambala a 8 ndi a 16. Musapitirire mpaka mayeso amenewa atapambana.

Kusalaza mtundu

Sankhani Mtundu, dinani Ctrl+J, ndipo kope latsopanolo likhale pakati pa Mtundu ndi Timabowo. Ntchito yonse ichitikire pa kopeli. Mukadzapitirira muyezo, mudzangotsitsa Opacity yake kapena kufufuta malo olakwika ndi masiki, yomwe imabisa leya paliponse pomwe mwapaka chakuda, Mtundu woyamba n'kuonekera pansi.

Chida chabwino pa ntchitoyi ndi Mixer Brush Tool, chomwe chimabisala pansi pa Brush Tool. Sankhani burashi yozungulira yofewa. Pa mzere wa pamwamba pali timabatani tiwiri: zimitsani ka Load the brush after each stroke, yatsani ka Clean the brush after each stroke. Potero burashi imayamba yopanda utoto nthawi iliyonse, n'kumangokoka mtundu womwe yaupeza pakhungu. Poyambira ikani Wet pa 20%, Load pa 20%, Mix pa 20% ndi Flow pa 20%, ndipo Sample All Layers isachongedwe. Ikachongedwa, burashi imatola timabowo ta leya yapamwamba n'kutipaka pa Mtundu, ndipo khungu limaoneka lakuda ndi litsiro. Manambalawa si lamulo. Wogwiritsa mausi angafune kutsitsa Flow kufika pa 10%, poti mausi samva kuti dzanja ladina mwamphamvu kapena mopepuka.

Zimitsani kadiso ka Timabowo kwa kanthawi kuti mawanga aonekere poyera. Yambani ndi tsaya lamanja, pomwe pali mthunzi wa masamba. Burashi ikhale yaikulu ngati banga lomwe mukulikonza, pano mapikiseli 120 mpaka 150. Kokani mizere ifupiifupi pamalire a banga, uku ndi uku, katatu kapena kanayi, n'kukweza dzanja. Cholinga si kufufuta banga lonse nthawi imodzi ayi, koma kufewetsa malire ake mpaka diso lisapezenso pomwe likuyambira.

Lamulo lalikulu n'lakuti mukoke motsatira mmene kuwala kwagonera pankhope, osati modutsa. Pa tsaya pamakhala malo owala pamwamba pa fupa, kenako mtundu wapakati, kenako mthunzi wotsikira ku chibwano. Mizere yanu iyende m'litali mwa fupa la tsaya, kuchokera cha kumphuno kulowera kukhutu, kusakaniza chowala ndi chowala chinzake, mthunzi ndi mthunzi unzake. Mukakoka kuchokera pamwamba kutsika pansi, mumakokera kuwala mu mthunzi, fupa la tsaya limasowa, ndipo nkhope imatambalala ngati mbale. Pa khungu lakuda zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa maonekedwe a nkhope amadalira kwambiri kunyezimira kwa pamphumi, pamsana pa mphuno ndi pamwamba pa masaya. Kunyezimirako si chilema choti chichotsedwe chonse. Wochotsa konse amabweza nkhope yafulati yotuwa, yomwe mwini wake amaikana ngakhale sangathe kunena chomwe chalakwika.

Khalani kutali ndi m'mphepete mwa milomo, mphuno, nsidze, tsitsi ndi duku. Pa leya ya Mtundu malo amenewa ndi osungunuka kale, ndipo mukawakoka, mtundu wa lipisitiki kapena wakuda wa nsidze umalowa pakhungu. Mukayatsa Timabowo mudzaona kamzere kowala kapena kakuda kozungulira milomo ngati chithunzi chajambulidwa kawiri. Siyani mpata wosachepera kawiri Radius yanu, pano mapikiseli 15 kapena kuposerapo, ndipo mukayandikira malo otere chepetsani burashi.

Pamphumi, pomwe ndi potambalala, pali njira yachangu. Tengani Lasso Tool, ikani Feather pa mapikiseli 25, zungulizani kachigawo kamodzi ka mtundu wofanana, n'kuikapo Gaussian Blur ya 18 mpaka 20, ndiko kuti pafupifupi katatu nambala yoyamba ija. Dinani Ctrl+D, zungulizani kachigawo kena, bwerezani. Koma Gaussian Blur imatolanso mtundu wa kunja kwa mzere womwe mwazunguliza, choncho mukayandikira tsitsi, mdima wake umalowa pamphumi ngati utsi. Njira imeneyi ndi ya pakati pa mphumi ndi pakati pa tsaya basi, ndipo musazungulize malo owala pamodzi ndi a mthunzi.

Paudala wotuwa ndi thukuta

Kutuwa kwa m'munsi mwa maso sikutha ndi kusakaniza, chifukwa dera lonselo lili ndi mtundu wolakwika. Pakufunika kubweretsa mtundu kuchokera kwina. Pangani leya yopanda kanthu pamwamba pa kope la Mtundu, pansi pa Timabowo, n'kuiika pa Color. Pa Eyedropper Tool sinthani Sample Size kukhala 11 by 11 Average, kuti musatole pikiseli imodzi yosokonekera. Tengani Brush Tool yofewa, Flow pa 5%, gwirani Alt n'kudina pa tsaya pomwe paudala sanachuluke, kenako pakani pang'onopang'ono pa malo otuwawo. Color imasintha mtundu wokha n'kusiya kuwala monga kulili, ndiye maonekedwe a nkhope sasokonezeka. Tolani mtundu watsopano pafupipafupi, chifukwa khungu la munthu si la mtundu umodzi. Masaya amakhala ofiirirako, pamphumi pamasiyana ndi pachibwano, ndipo mukapaka mtundu umodzi paliponse nkhope imaoneka ngati khoma lopentedwa.

Muyezo wanu ukhale khosi, makutu ndi manja. Kulinganiza mtundu sikutanthauza kuyeretsa munthu. Ngati nkhope yatha kukonzedwa n'kukhala yoyera kuposa khosi, ndiye mwangoonjezera vuto lomwe paudala anayambitsa. Pa chithunzi chathuchi ntchito ndi yobweza nkhope ku mtundu wa khosi, osati kukweza khosi kuti lifanane ndi paudala.

Za thukuta, yambani mwayeza. Dinani F8 kuti mutsegule Info, n'kuyendetsa mausi pamalo onyezimira kwambiri. Ngati R, G ndi B zili cha m'ma 220 kapena 235, timabowo tilipo ndipo mukhoza kungochepetsa kuwala. Pangani leya ina yopanda kanthu pansi pa Timabowo, iikeni pa Darken, tolani mtundu wa khungu lowalako loyandikana ndi malowo, n'kupaka ndi Flow ya 3% mpaka 5%. Lekani kunyezimira kukadalipo, kungoti sikukubayanso m'maso. Koma ngati manambala onse atatu afika 255, kamera sinalembe kanthu pamenepo. Mukapakapo mtundu pamatuluka chigamba chosalala ngati pomatidwa pulasitala, chifukwa leya ya Timabowo nayonso ndi yopanda kanthu pamalopo. Ngati muli ndi RAW, bwererani ku Camera Raw mukatsitse Highlights musanayambe zonsezi. Ngati mulibe, mufunika kubwereka timabowo.

Kugwira leya ya Timabowo

Sankhani Timabowo, tengani Clone Stamp Tool, ndipo pa Sample sankhani Current Layer. Ichi musachiiwale. Mukasiya Current & Below kapena All Layers, chidacho chimatola khungu la mtundu wake wonse n'kuliika pa leya yomwe imayenera kukhala yotuwa, ndipo Linear Light imalisandutsa banga lakuda kapena lofiira ngati lopsa ndi moto. Mukaona zotere, dinani Ctrl+Z n'kuyang'ana Sample.

Opacity ndi Flow zikhale pa 100%, Hardness cha pa 70% kapena kuposa. Apa burashi yofewa ndi yoipa, chifukwa m'mphepete mwake imasakaniza timabowo ta malo awiri, n'kutsala kamkombero kosalala kozungulira pomwe mwadinda. Gwirani Alt, tolani pamphumi pomwepo chapafupi ndi chigambacho, n'kudinda pang'onopang'ono. Musabwereke timabowo ta tsaya kukaika pamphumi, kapena ta pamphuno kukaika pansi pa diso. Kukula kwake n'kosiyana, ndipo ngati malo ena kamera inawagwira bwino kuposa ena, kuthwa kwake kumasiyananso. Sinthani potola mukadinda kawiri kapena katatu, kuopa kuti kadontho kamodzi kangaoneke katandandana mumzere. Tsitsi limodzi lodutsa patsaya kapena kanyenyeswa ka paudala zimachotsedwa mwa njira yomweyi, ndi burashi ya mapikiseli 15 mpaka 20.

Makwinya a pansi pa maso ndi mizere yotsika kuchokera pamphuno kupita pakamwa musaifafanize pa leya imeneyi. Munthu akamwetulira mizereyo imayenera kukhalapo, ndipo ikasowa kumwetulirako kumaoneka kokakamiza. Ngati ndi yakuda kwambiri chifukwa cha dzuwa la pamutu, ipepukitseni pang'ono pa kope la Mtundu basi.

Kudziwa kuti mwapitirira

Diso limazolowera msanga. Mukakhala pa 100% kwa mphindi 20, chilichonse chimayamba kuoneka ngati banga, ndipo mumasalaza zomwe sizinali vuto. Mawanga a mtundu amaoneka bwino chithunzi chikachepa, ndiye pakapita mphindi zingapo dinani Ctrl+0 n'kuzimitsa ndi kuyatsa gulu lija. Funso lodzifunsa si lakuti khungu lasalala kapena ayi, koma lakuti mafupa a nkhope akadali pomwe anali. Ngati mphuno yatambalala, tsaya lafufuma kapena chibwano chasowa malire, mwakoka modutsa kuwala. Ikani masiki pa kope la Mtundu, pakani chakuda pamalo amenewo kuti choyambirira chibwerere, n'kuyambanso.

Chinanso chothandiza ndi kuika leya ya Black & White pamwamba pa zonse kwa kanthawi, n'kutsitsa Reds ndi Yellows kuti khungu lide. Mawanga otsala ndi mizere ya burashi yanu zimatulukira poyera. Kenako bwezerani Reds ndi Yellows pomwe zinali. Banga likasowa mukayatsa leyayi, ndiye kuti vuto lake ndi mtundu ndipo likonzedwe pa leya ya Color. Likamaonekabe, vuto lake ndi kuwala, ndipo ngati Mixer Brush ikulikanika osaononga maonekedwe a tsaya, liwalitseni kapena kulidetsa pang'onopang'ono ndi Curves ya masiki yakuda. Mukatha, zimitsani kapena kufufuta leya yoyeserayo.

Yang'ananinso khosi, pachifuwa ndi manja. Nkhope yokonzedwa bwino pamwamba pa khosi la mawanga a masamba a mango imaoneka ngati yodulidwa kwina n'kumatidwa, choncho perekani mphindi zingapo kumeneko ndi burashi yokulirapo. Pomaliza tsitsani Opacity ya kope la Mtundu, osati ya Timabowo, kufika pa 70% kapena 80%, kuti kusiyanasiyana kwachibadwa kwa khungu kubwerereko pang'ono. Sungani fayilo ya PSD ndi maleya ake onse musanatulutse JPEG, chifukwa mkwatibwi akanena kuti banga lija la patsaya ndi lobadwa nalo ndipo libwerere, mudzangopaka chakuda pa masiki pamalo amenewo.